Khanda la masiku 3, makilo 2.2, tikuganizira sepisisi: mankhwala ati, dozi yanji?

Funso: A dokotala ndithandizeni, ndine namwino mzamba, ndangoyamba ntchito pa kiliniki ina kuno ku Lusaka. Usiku wathawu kunabwera khanda la masiku 3, linabadwa ndi makilo 2.2, lasiya kuyamwa, thupi lozizira 35.2 ndipo likupuma 68 pa mphindi. Mnzanga akuti jenta ndi 7.5 pa kilo, tchati cha pakhoma chikuti 5, wina akuti 3. Nanga ampisilini ikatha tipatse chani? Zoona zake ndi ziti?

Yankho: A sisita, kwa mwana ameneyu ndi ampisilini 50 mg pa kilo maola 12 alionse, pamodzi ndi jentamaisini 3 mg pa kilo kamodzi pa maola 24. Ndiye kuti ampisilini 110 mg kawiri patsiku, jenta 6.6 mg kamodzi patsiku. Izi ndi za m'buku la m'thumba la WHO la chisamaliro cha ana m'chipatala, lija la 2013, ndipo onse atatu amene akuuzani manambala aja palibe amene wangopeka, nambala iliyonse ili ndi mwana wake, vuto ndi loti akuyiika pa mwana wolakwika.

Choyamba mwachita bwino kuganiza sepisisi, matenda a tizilombo tofalikira m'magazi. Khanda silidwala ngati munthu wamkulu, kambiri silitentha thupi nkomwe, limazizira, makamaka kamwana kochepa ngati aka. Kusiya kuyamwa, kupuma 60 kapena kupitirira mutawerenga kawiri mphindi yathunthu, thupi kutsika pansi pa 35.5 kapena kufika 38, chifuwa kulowa mkati kwambiri, kubuula, kukomoka, kusagwedezeka mpaka mutamugwedeza inuyo, chimodzi chokha mwa izi pa sabata yoyamba chakwana kuti muyambe jekiseni. Wanuyu ali nazo zitatu. Musadikire zotsatira za magazi. Ngati pali botolo la kalicha, lija lomeretsera tizilombo ku labu, tengani magazi musanabaye mankhwala, koma ngati palibe kapena mtsempha ukuvuta, mankhwala asachedwe chifukwa cha zimenezo, dozi yoyamba ilowe mkati mwa ola limodzi.

Chifukwa chake timaphatikiza awiriwa n'chakuti m'masiku oyamba tizilombo tambiri timachokera kwa mayi, m'njira yobadwira, makamaka ngati nsupa inasweka maola opitirira 18 mwana asanabadwe, kapena mayi anatentha thupi pobereka, kapena madzi anali onunkha. Tizilombo take ndi sitirepitokokasi wa gulu B, lisiteriya, ndi ta m'matumbo ngati ikolai ndi klebusiyela. Ampisilini imagwira magulu awiri oyambawo, imaphwanya khungu la kachilombo. Jenta imagwira ta m'matumbo tija, komanso khungu likaphwanyika jenta imalowa mosavuta, ndiye awiriwa amathandizana. Mukapatsa mmodzi yekha mwasiya khomo limodzi lotsegula.

Manje tibwere pa 3, 5 ndi 7.5, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yonse. Jenta imatuluka m'thupi kudzera ku impso basi, palibenso njira ina. Impso za khanda pa sabata yoyamba zimasefa pang'onopang'ono kwambiri, zimayamba kudzuka bwino masiku akamapita, ndipo kwa mwana wobadwa masiku asanakwane impsozo zimakhala zisanamalize n'kupangika komwe. Ndiye mankhwala amene mwana wa mwezi umodzi wawatulutsa kale pofika mawa, kamwana ka masiku 3 kamakhala kakadali nawo ena m'magazi, inu n'kubwera ndi dozi ina pamwamba, tsiku lachitatu inanso. Jenta imapha tizilombo ikakwera msanga m'magazi, koma imawononga impso ndi mkati mwa khutu ikakhala osatsika pakati pa dozi ndi dozi. N'chifukwa chake timapatsa kamodzi patsiku osati kugawa katatu ngati kale, kuti ikwere kenako ipeze nthawi yotsika. Pa sabata yoyamba, mwana amene anabadwa ndi makilo 2.5 kapena kuposa amalandira 5 mg pa kilo. Amene anabadwa osakwana 2.5 amalandira 3 mg pa kilo. Ija ya 7.5 ndi ya mwana amene wadutsa sabata yoyamba. Mnzanu uja wakumbukira dozi ya ana a ku wodi ya ana, ndipo ikanakhala imeneyo mwana wanu akanalandira 16.5 mg m'malo mwa 6.6, kawiri ndi theka.

Tchati cha pakhoma chija ndikukhulupirira ndi cha IMNCI, cha dozi yoyamba musanatumize mwana ku chipatala chachikulu. Chimalemba 5 kwa mwana wosakwana masiku 7 ndi 7.5 kwa wamkulupo, chinapangidwa kuti munthu asachedwe ndi masamu. Dozi imodzi ya 5 mg pa kilo kwa mwana wa 2.2 siingamuvulaze, musade nkhawa ngati ndi imene inaperekedwa usiku uja. Choopsa ndi kubwereza tsiku ndi tsiku sabata yonse popanda woyang'ana mkodzo. Ndipo mukadzagwira m'mawodi akuluakulu a makanda mudzapeza ena akulemba 4 kapena 5 mg pa kilo ngakhale kwa timakanda tochepa koma akutalikitsa nthawi, maola 36 kapena 48. Nayonso ndi njira yoona, cholinga chake ndi chomwecho chopatsa impso mpata. Chimene sindifuna kuona ndi kusakaniza, kutenga dozi yaikulu ya njira ina n'kuipatsa pa maola 24 a njira inzake. Ngati chipatala chanu chili ndi pulotokolo yake yolembedwa tsatirani imeneyo kuyambira dozi mpaka maola, ngati palibe gwirani ya WHO ija.

Ampisilini nayonso imatuluka ku impso, n'chifukwa chake sabata yoyamba ndi maola 12 alionse, osati 6 ngati ana akuluakulu. Dozi yake siisintha ndi kuchepa kwa mwana, 50 mg pa kilo kaya ndi wa 1.8 kaya wa 3.5, ndipo ndi mankhwala okhululuka, mukapitirira pang'ono palibe choopsa. Jenta ndiye siikhululuka.

Za sikelo. Mwana wa masiku 3 amakhala wataya thupi pang'ono, mwina lero akulemera 2.1 kapena 2.05, zimenezo ndi zachibadwa, ndi madzi. Pa sabata yoyamba ine ndimawerengera pa kulemera kobadwa nako mpaka mwana atabwerera pamenepo. Koma mumuyezebe lero, wamaliseche, sikelo itayikidwa pa ziro ndi kansalu kake, chifukwa pali ana obadwira kunyumba amene khadi alibe, ndipo pali makhadi olembedwa mothamanga. Kamwana kokulungidwa m'chitenje, bulangete ndi kachipewa kangathe kukwera magalamu 200 kapena 300, ndipo pafupi ndi malire a 2.5 zimenezo zimasintha zambiri. Taonani, mwana wa 2.4 amalandira 7.2 mg, wa 2.5 amalandira 12.5 mg. Kusiyana kwa magalamu 100 chabe. Malirewo ndi ongothandiza kuganiza, chimene tikufuna kudziwa kwenikweni ndi kukhwima kwa impso, ndiye akakhala pamalire ndimayang'ana ngati anabadwa masiku atakwana ndiponso ngati akukodza. Wobadwa msanga kapena amene sanalire atabadwa ndimamuika kumbali ya dozi yochepa.

Koma a sisita, malo amene ndaona ana akuvulala kwambiri si pa mamiligalamu ayi, ndi pochoka pa mamiligalamu kupita ku mamililita, usiku, munthu muli nokha, odwala ali pamzere. Ndiye tiyeni tichite pamodzi pang'onopang'ono.

Jenta imabwera mitundu iwiri. Pali kabotolo kolembedwa 20 mg/2 ml, ka ana, mu 1 ml muli 10 mg, kameneko mumangokoka. Koma kamene timakapeza kambiri m'makabati mwathu ndi ka akulu, 80 mg/2 ml, mu 1 ml muli 40 mg. Timabotoloti timafanana kukula, werengani nthawi zonse. Kuti mupeze 6.6 mg kuchokera ku ka akulu osasungunula mukufunika 0.165 ml, kadontho kamene pa sirinji ya 2 ml kapena 5 ml simungakaone bwino, mungolota. Ndiye sungunulani. Tengani sirinji ya 10 ml, kokani 2 ml yonse ya jenta, onjezani 6 ml ya madzi a jekiseni, zonse pamodzi 8 ml. Mu 8 ml muli 80 mg, ndiye 1 ml iliyonse ili ndi 10 mg. Sakanizani bwino, lembani pa pulasitala n'kumata pa sirinjiyo. Tsopano masamu aphweka, mamiligalamu a mwana gawani ndi 10.

2.2 kg × 3 mg = 6.6 mg, ndipo 6.6 ÷ 10 = 0.66 ml

Kokani ndi sirinji ya 1 ml, imene ili ndi timizere tating'ono. Mukafika 0.65 kapena 0.7 palibe vuto. Choopsa ndi ichi: wa masana walemba pa tchati "0.66 ml" basi osalemba kuti ndi yosungunula, wa usiku wabwera, wathyola kabotolo ka 80, wakoka 0.66 ml yosasungunula. Mwana walandira 26.4 mg, ndiye kuti 12 mg pa kilo, kanayi kuposa dozi yake, ndipo palibe amene adziwe chifukwa usiku umenewo mwana saonetsa chilichonse. Zimadzaoneka pakapita masiku mkodzo ukayamba kuchepa, kapena pakapita chaka mayi akudabwa kuti mwana satembenuka akamuitana, ndipo khutu likawonongeka ndi jenta silibwerera. Chonde lembani zonse zitatu, mamiligalamu, mphamvu ya chosungunula ndi mamililita, mwachitsanzo 6.6 mg = 0.66 ml ya 10 mg/ml, ndi nthawi imene mwapatsa. Ziro wa kutsogolo asasowe, ".66" amawerengeka molakwika kadontho kakafufutika. Ndipo ngati pali mnzanu ngakhale mmodzi pa shifiti, awerengere payekha musanamuuze yankho lanu, kenako mufananize.

Ndili ndi kachizolowezi kamene kamandithandiza kugwira cholakwika msanga. Ndi jenta ya 10 mg/ml, mwana wochepa amalandira 0.3 ml pa kilo, wa kulemera kwabwino 0.5 ml pa kilo. Ndiye mwana wosakwana 2.5 sangafike 0.8 ml. Mukaona sirinji yapitirira pamenepo kwa kamwana kotere imani kaye.

Ampisilini ndi ya ufa. Botolo la 500 mg mukathira 2.1 ml ya madzi a jekiseni limakwana 2.5 ml, chifukwa ufawo nawo umatenga malo, ndipo 1 ml imakhala ndi 200 mg. Mwana wanu akufuna 110 mg, 110 kugawa 200 ndi 0.55 ml. Imeneyi ndi yabwino ngati mukubaya mumnofu poti ndi yochepa. Ngati pali kanyula ine ndimakonda kuisungunula kwambiri, kukoka zonse za m'botolo n'kuonjezera madzi mpaka sirinji ifike pa 5 ml, pamenepo 1 ml ili ndi 100 mg ndipo mwana alandira 1.1 ml, siiwawa mumtsempha ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Botolo likakhala la 250 mg kapena 1 g manambala asintha, musatengere chizolowezi. Ampisilini ikasungunulidwa siikhalitsa, igwiritseni mkati mwa ola limodzi. Ndikudziwa zimapweteka mtima kutaya 390 mg pamene mankhwala akusowa, koma botolo losungunula m'mawa n'kudzakokamo madzulo mphamvu yake yatsika kale. Ngati muli ndi makanda awiri kapena atatu ayikeni pa nthawi imodzi agawane botolo limodzi, aliyense sirinji ndi nyeleti yake yatsopano.

Ampisilini ikatha, m'malo mwake mulowa benzilipenisilini, ekisipeni imene tonse timaidziwa, jenta ikhala momwemo. Dozi ndi mayuniti 50,000 pa kilo maola 12 alionse pa sabata yoyamba. Wanuyu ndi mayuniti 110,000. Samalani apa, mayuniti si mamiligalamu, botolo la mayuniti 1,000,000 ndi 600 mg, ndiye 50,000 ndi 30 mg, musawone 50 n'kuganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi ampisilini. Botolo la miliyoni imodzi mukathira 9.6 ml limakwana 10 ml, 1 ml ili ndi 100,000, mwana alandira 1.1 ml mumtsempha. Ngati ndi mumnofu thirani 1.6 ml kuti 1 ml ikhale ndi 500,000, alandira 0.22 ml. Likakhala botolo lalikulu lija la mamiliyoni 5, sungunulani mpaka zonse zikwane 10 ml, kokani 1 ml yokha, onjezani madzi mpaka 5 ml, mwabwereranso pa 100,000 pa 1 ml. Ekisipeni imagwira bwino sitirepitokokasi ndi lisiteriya koma ta m'matumbo siitikhudza, ndiye ntchito yonse ya mbali imeneyo yagwera jenta, isadumphidwe tsiku. Musapatse penisilini wa pulokeni kapena benzatini mumtsempha, amenewo ndi a mumnofu okha ndipo si a ntchito imeneyi.

Popatsa, musasakanize awiriwa mu sirinji imodzi kapena m'botolo limodzi la dilipu, penisilini imafooketsa jenta zikakumana kunja kwa thupi. Yambani ndi ampisilini pang'onopang'ono mphindi 3 mpaka 5, tsukani kanyula ndi selaini pang'ono, 0.5 kapena 1 ml, kenako jenta nayo pang'onopang'ono, n'kutsukanso. Kutsuka komaliza musakuiwale, dozi ndi yosakwana 1 ml, gawo lina limatsala mu kanyula ndi kachubu osafika kwa mwana. Kanyula ikakanika kawiri musathe ola mukubaya kamwana kozizira kali pambalambanda, bayani mumnofu, kutsogolo chakunja kwa ntchafu, ampisilini mwendo uwu jenta mwendo winawo, osati m'matako chifukwa khanda lilibe mnofu kumeneko ndipo mtsempha waukulu wa mwendo uli pafupi. Kwa mwana wamkulupo, titi wa 3.2, jenta ndi 16 mg, yosungunula ingakhale 1.6 ml, yachuluka pa ntchafu imodzi ya khanda, ndiye pamenepo mumnofu ndi bwino yosasungunula 0.4 ml pa sirinji ya 1 ml, n'kulemba momveka kuti ndi ya 40 mg/ml. Dziwani chabe kuti mwana amene manja ndi miyendo zazizira, magazi sakuyenda bwino, mankhwala a mumnofu amachedwa kulowa, ndiye mtsempha ufunidwebe akangotenthedwa.

Jekiseni yekha sapulumutsa mwana wa 35.2 amene sakuyamwa. Yezani shuga nthawi yomweyo, ikakhala pansi pa 2.5 patsani gulukosi wa 10 peresenti 2 ml pa kilo mumtsempha, wanuyu ndi 4.4 ml, osati wa 50 peresenti wosasungunula. Popanda kanyula, mkaka wa mayi wofinya kudzera pa kachubu ka m'mphuno. Muikeni pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, chipewa kumutu, okisijeni ngati akubuula kapena makina akuonetsa pansi pa 90. Ndipo mwana uyu si wogona pa kiliniki. Dozi yoyamba ikalowa imbani foni, apite kumene kuli wodi ya makanda, kaya ndi chipatala choyamba cha dera lanu ngati Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje kapena Chipata, kaya Levy Mwanawasa kapena UTH malinga ndi njira yanu yotumizira. Pa kalata lembani dzina la mankhwala, mamiligalamu ndi ola lenileni. Kalata yongoti "wapatsidwa maantibayotiki" imachititsa kuti olandira apatsenso jenta yachiwiri maola awiri okha atadutsa. Mu ambulansi akhale pachifuwa cha mayi, makamaka mu Juni ndi Julayi muno kuzizira kwa usiku mumakudziwa.

Kwa amene mwana watsala m'manja mwanu ku wodi, chinthu choyang'ana tsiku lililonse jenta isanalowe ndi mkodzo. Kuyeza mlingo wa jenta m'magazi m'malo ambiri sitingathe, ndiye thewera ndi limene limatiuza. Funsani mayi wasintha matewera onyowa angati, ngati n'kotheka yezani thewera pasikelo, mkodzo wosakwana 1 ml pa kilo pa ola ndi wochepa kwa mwana amene wadutsa tsiku loyamba. Mwana amene wakhala maola 12 osakodza musangopatsa dozi yotsatira poti nthawi yakwana, imitsani kaye, uzani dokotala, aone madzi m'thupi ndi kuyeza kiriyatinini ngati labu ilipo. Samalani kwambiri ndi mwana amene anabanika pobadwa, impso zake zinavulala kale, komanso amene akulandira fulusemaidi. Ampisilini ipitirire.

Ngati mankhwala akugwira, pofika maola 48 mwana amayamba kusintha, thupi likhazikika, kupuma kutsika, ayamba kufunafuna bere. Akatero malizani mankhwala onse, buku la 2013 lija linalemba masiku 7 mpaka 10, musasiye pa tsiku lachitatu poti akuoneka bwino ndipo abale akufuna kupita kunyumba. Izi n'zosiyana ndi mwana amene alibe chizindikiro chilichonse, amene tamuyamba mankhwala chabe chifukwa nsupa inasweka kalekale kapena mayi anatentha thupi, ameneyo timapatsa masiku awiri n'kumuonanso, akakhala bwino ndipo kalicha palibe chimene yaonetsa timasiya.

Pali kanthu kena kamene kamaiwalika. Mwana wanu wayamba pa tsiku lachitatu, ndiye mankhwala ake adutsa malire a sabata yoyamba ali pakati. Akalowa sabata yachiwiri tchati chilembedwenso, ayezedwenso pasikelo, ampisilini ipite pa maola 8 alionse, ekisipeni pa maola 6, ndipo buku lija limakweza jenta kufika 7.5 mg pa kilo. Kwa mwana wa masiku okwana amene akukodza bwino palibe nkhani. Kwa kamwana kochepa kobadwa msanga ine sindidumpha kuchoka pa 3 kufika 7.5 usiku umodzi popanda kuona mkodzo ndi kukambirana ndi dokotala wa ana, impso siziwerenga kalendala.

Awiriwa, ampisilini ndi jenta, ali ndi malire awo, ndipo ndikufuna muwadziwe kuti musadzadziimbe mlandu kapena kuchedwa. Mukaona timatuza ta mafinya pakhungu, chithupsa, kapena mchombo wofiira kufalikira pamimba, ganizani sitafilokokasi, amene ampisilini siimugwira, pamenepo ndi kloksasilini pamodzi ndi jenta, 25 mpaka 50 mg pa kilo maola 12 alionse pa sabata yoyamba. Mukaona liwombo lotupa, kukomoka, kulira kokweza kosatonthozeka, ganizani meninjaitisi, pafunika kutenga madzi a pamsana mwana akakhazikika, ndipo mankhwala amatalika mpaka masiku 21. Jenta siilowa bwino ku ubongo, ndiye madokotala ambiri amakweza ampisilini kufika 100 mg pa kilo ndi kuika sefotakisimu. Chisankho chimenecho ndi cha ku chipatala chachikulu, inu dozi yoyamba ndi yomwe ija, musachedwetse.

Ena amathamangira sefitiriyakisoni poti ndi kamodzi patsiku ndipo imaoneka yamphamvu. Pa khanda la masiku 3 la makilo 2.2 ndimaiopa. Imakankha bilirubini kuchoka pa mapuloteni a m'magazi, ndipo tsiku lachitatu ndi pamene chikasu chikukwera, kamwana kochepa kodwala ubongo wake ndi wosatetezeka. Komanso siyenera kukumana ndi madzi a dilipu okhala ndi kashiamu ngati Ringer's, imapanga timiyala m'mapapo ndi m'impso za khanda. Lisiteriya nayo siimugwira. Sefalosiporini ikafunikadi pa msinkhu uwu, sefotakisimu ndiyo yabwino.

Chomaliza chimene chimandidetsa nkhawa ndi tizilombo ta m'chipatala. Kafukufuku amene anachitika m'wodi ya makanda ku UTH, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti mwa makalicha amene anamera tizilombo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali klebusiyela, ndipo pafupifupi onse sankamva mankhwala oyambawa ngakhalenso masefalosiporini. Vutoli si la kwathu kokha, lili m'mawodi a makanda ambiri mu Afirika muno. Tanthauzo lake si loti tisiye ampisilini ndi jenta, kwa mwana wochokera kunyumba kapena wodwala atangobadwa ndiwo oyambira, ndipo tikayamba aliyense ndi mankhwala apamwamba tidzawataya nawonso. Tanthauzo lake ndi loti muzifunsa kuti mwanayu wakhala kuti. Amene wagona m'wodi masiku angapo, ali ndi kanyula ndi machubu, kenako n'kudwala, kapena amene pakadutsa maola 48 mpaka 72 pa dozi yolondola akuipiraipira, mimba ikutupa, akusiyasiya kupuma, khungu likulimba, akutuluka magazi pobaya, ameneyo musamuwonjezere jenta poganiza kuti 3 mg yachepa. Onani kaye ngati kanyula ili mumtsempha ndipo madozi onse analowadi, tengani kalicha ina, ndipo aonedwe ndi dokotala wa ana tsiku lomwelo kuti asinthe mankhwala motsatira zimene labu yapeza kapena zimene zikudziwika kuti zikuzungulira m'wodimo.

Mwana wanu wa usiku uja, ngati anatumizidwa, imbani kumene anapita muwauze jenta imene analandira kwa inu, mamiligalamu ake ndi ola, ndiponso ngati inali yosungunula kapena ayi. Ngati inali ya 7.5 pa kilo kapena inakokedwa mu kabotolo ka 80 osasungunula, anene kwa dokotala kuti dozi yachiwiri ichedwetsedwe, mkodzo uyang'aniridwe, ndipo makutu adzayezedwe mwana akachira.